Chidulo cha Alamu Anga

Kumudzi komwe ndinakwatira, kunsi kwa phiri la Michesi, mwana sadya nyumba imodzi. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndinabwera ku Phalombe ngati mlangizi wa zaulimi, ndipo chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa pa ukamwini wanga chinali chimenechi. Nyumba ya akazi anga ndi za abale awo aakazi zinamangidwa mozungulira bwalo limodzi, ndipo ana ankangotsatira mphuno. Kumene kwanunkhira nandolo, onse ali komweko. Chigwada chikapsa kuseri, asamukira kuseri. Ndinayesapo kamodzi kunena kuti mwana wanga azidya pakhomo pa bambo ake. Alamu anga, akulu awo a akazi anga, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kundifunsa ngati ku Ntcheu ana timawamangirira pachikhomo ngati mbuzi. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Mwana amene ndikunenayu ndi mtsikana wathu woyamba. Ali wamng'ono ankadwaladwala zilonda zapakhosi, nthawi zina n'kumadandaula mawondo, ife n'kumati ndi kukula. Atafika sitandade 3 anayamba kutsalira anzake panjira ya kusukulu. Akakwera kachitunda kakang'ono ankaima, manja m'chiuno, akupuma ngati wathamanga kuchokera ku Nazombe. Kenako mapazi anatupa, nkhope inatupa, mimba nayo inayamba kukula. Kuchipatala cha boma anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kutitumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko anatiuza kuti zilonda zapakhosi zija zinasiya chipsera pa kachitseko kamodzi ka mumtima, ndiye kachitsekoko sikatseka bwino, magazi amabwerera m'mbuyo, mtima n'kumagwira ntchito kawiri. Mankhwala sangakonze kachitseko, anatero, koma angaupepuze mtima mpaka mwayi wa opaleshoni utapezeka. Anawonjezera kuti mwayiwo ukadzabwera udzafunika kumupeza mwana ali ndi thupi.

Tinabwerako ndi mitundu itatu ya mapiritsi, kuphatikiza jakisoni wa mwezi ndi mwezi woteteza kuti matenda apakhosi aja asadzaulumenso mtima. Mayina ake ndinawaloweza ngati mwana wa kalasi ya ubatizo: furusemayidi, wochotsa madzi m'thupi, sipironolakitoni, wothandizana naye, ndi enalapulilo, wofewetsa njira za magazi kuti mtima usamakankhe movutika. Akazi anga analibe nawo ntchito mayinawo. Iwo ankangoti kokodzetsa, kowawa ndi kakang'ono, ndipo sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, pamene ine wodziwa mayina ndikanasiyidwa ndekha ndikanasokoneza sabata yoyamba yomwe.

Panalinso lamulo la mchere. Dokotala anati mchere umasunga madzi m'thupi, ndiye tiuchepetse kwambiri. Lamulo limeneli linafika pamudzi pamene anthu anali atayamba kale kunong'onezana. Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, akuluakulu a kuno amaganiza za tsempho, matenda amene amati amabwera kholo likachita chigololo, n'kumulowa mwana kudzera mumchere wa m'ndiwo. Palibe amene anandifunsa m'maso, koma ndinkamva maso kumsana kwanga ndikamakwera njinga kupita kuntchito. Ndiye atamva kuti achipatala nawonso aletsa mchere, amayi achikulire anagwedeza mitu ngati anthu amene mlandu wawakomera. Zinandipweteka, sindibisa. Koma ndinaona kuti kukhulupirira kwawoko kukuchititsa aliyense kusunga lamulo la dokotala, ndiye ndinazisiya choncho. Dokotala anati tichepetse, koma pabwalo pathu mchere unangothetsedweratu. Nyumba iliyonse inayamba kupatula ndiwo za mwana isanathire mchere, ndipo kambale ka mchere kanakwera pamwamba pa khoma pomwe iye sakanafikira.

Amene sanadyepo ndiwo zopanda mchere n'komwe asaweruze mwana wanga. Ine ndinayesa kudya naye mbale imodzi kuti ndimulimbitse mtima, koma tsiku lachiwiri ndinapezeka ndikunamizira msonkhano wa alimi. Mwanayo ankatenga mbamu imodzi, kuisunsa, kuiyang'ana, n'kuibweza. Kutupa kunatsika ndithu, koma kutupa kutachoka tinaona chimene chinatsala: timikono ngati mapesi, mafupa a m'khosi ali poyera. Ulendo uliwonse wa kuchipatala sikelo inkabwerera m'mbuyo, ndipo namwino ankatiyang'ana ngati tikumumana chakudya. Akazi anga ankalira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkaopa kuti tsiku lina adzatiitana ku opaleshoni n'kutibweza chifukwa mwana alibe mphamvu.

Apa m'pamene analowererapo alamu anga. Ndi mayi wamfupi, wamawu ngati belu la tchalitchi, ndipo ana awo onse anali atakula n'kupita. Mwana wanga ankawatcha mayi aakulu, iwo n'kumamutcha mwana wawo womaliza, ngakhale ife eni ake tili pomwepo. Tsiku lina anafika ndi kambale kovundikira, n'kukhala pamkeka pafupi naye.

"Tadya apa. Ukakana izi ndiye kuti si iwe mwana wa pabwalo pano."

Munali chigwada chofewa, chobiriwira bwino, chotendera. Mwanayo analawa, n'kutenganso. Anamaliza mbale yonse mpaka kuipukuta ndi chala. Akazi anga anafunsa mwamantha ngati munalowa mchere.

"Mchere wa chiyani? Ndine wamisala ine? Ndi chidulo ichi. Amayi athu mchere ukasowa ankalira ngati inu? Ankatcheza chidulo n'kudyetsa ana."

Chidulo tonse timachidziwa, ngakhale ku Ntcheu. Umawotcha zitsononkho, makoko a nyemba kapena mitengo ya nandolo, phulusa lake n'kuliika m'chitini chobowola pansi, kuthira madzi pamwamba, n'kumawakha amene akudontha. Madzi amenewo ndiwo amafewetsa therere ndi masamba. Koma cha alamu anga sichinali chidulo wamba. Iwo ankasankha phulusa la makoko a nthochi ndi la nandolo, madzi oyamba kudontha ankawabwezeranso paphulusa latsopano, kenako n'kuwawiritsa mpaka atatsala ochepa, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ukadontheza palilime chinkaluma, chowawirako pang'ono, koma m'ndiwo chinkabweretsa kakomedwe kofanana ndi mchere. Ankachisunga m'mabotolo, ndipo posakhalitsa nyumba iliyonse pabwalopo inali ndi botolo lake. Poyamba chidulo chinkalowa m'therere ndi m'chigwada basi. Tsopano chinayamba kulowa mu nyemba, mu nandolo, mu matemba, ngakhale m'phala la m'mawa. Mwana akadya kwathu, chidulo. Akapita kwa mayi ake aang'ono, chidulo. Akadandaula chilungulira, alamu ankamusungunulira kasupuni m'madzi kuti amwe, monga anthu amanyambitira phulusa pamtima pakamatentha.

Ndipo mwana anayamba kudya. Masaya anabwerera. Sikelo inayamba kukwera, namwino uja n'kutiyamikira. Ine ndinapita kwa alamu anga ndi nkhuku kukathokoza, iwo n'kundiseka kuti mlangizi wathunthu wa boma walephera kudyetsa mwana mmodzi pamene amalangiza midzi yonse mpaka ku Fort Lister. Ndinaseka nawo. Miyezi imeneyo ndi imene ndinagona tulo tabwino koyamba chiyambire matendawo.

Kuchipatala, ulendo uliwonse, ankatifunsa ngati tikumupatsa mwana mankhwala azitsamba. Tinkayankha kuti ayi, ndipo sitinkanama. Pabwalo pathu nkhani imeneyi inali yokhwima. Panafika munthu wina panjinga ndi mabotolo a mankhwala akuti amatsuka magazi, alamu anamuthamangitsa asanatsike n'komwe. Agogo ena atabweretsa mizu ya tsempho, akazi anga anailandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kukaiponya m'dzenje la zinyalala. Tinali anthu osamala. Koma chidulo chimakhala pafupi ndi mafuwa, pamodzi ndi chipande ndi mthiko, ndipo palibe mwa ife amene anaganizapo zochitchula pamaso pa dokotala.

Poona kuti kutupa kwatha, achipatala anachepetsa kapiritsi kokodzetsa kaja, ena awiriwo n'kuwasiya momwemo. Tinakondwa, tinkati mwana akuchira. Kenako kunabwera Okutobala, dzuwa lija lowotcha mpaka miyala ya Michesi imachita kunyezimira. Mwana anatsegula m'mimba masiku angapo. Sizinali zoopsa, ankasewera, ankapita kusukulu, kungoti ankamwa madzi pang'ono ndipo kukodza kunachepa. Alamu, pofuna kuti asataye thupi lija analivutikira, anawonjezera khama pa mphika.

Linali Loweruka masana, ine ndikumata chubu cha njinga pakhonde. Mwanayo anali atakhala pamkeka akusewera ndi nthanga za maungu. Amayi ake anamuitana kuti akatenge lichero. Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Anayesanso, n'kugwa chammbali. Poyamba ndinkati ndi masewera, mpaka pamene anandiyang'ana.

"Ababa, miyendo yanga yalemera. Milomo ikuchita nyerere."

Ndinamunyamula. Thupi linali lozizira ndi thukuta, ndipo nditaika khutu pachifuwa ndinamva chinthu chimene sindidzaiwala. Mtima wake ndinkaudziwa, unali wothamanga nthawi zonse, wokhala ndi kaphokoso kake kofwenthera. Tsiku limenelo unkagunda mochedwa, kugunda, kudikira, kugunda kawiri, kudikiranso. Pa kudikirako ine mpweya unkandithera. Chubu chinali chisanaume, ndiye ndinabwereka njinga ya mnansi, akazi anga anakhala kumbuyo mwana ali pamiyendo, ndipo ndinapalasa osamva phiri kapena mchenga. Kuchipatala chaching'ono anangogwira pamkono n'kuitana ambulansi.

Kuchipatala chachikulu anamumata timawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa pepala la mizere yokwera ndi kutsika. Dokotala amene anatilandira anali mtsikana wamng'ono ndithu, wolankhula Chichewa cha ku Lilongwe. Anayang'ana pepalalo, nkhope inasintha, ndipo sanadikire n'komwe zotsatira za magazi. Anamubaya mankhwala pamtsempha oteteza mtima, anamuika diripi ya shuga yosakaniza ndi insulini, n'kumuveka chopumira chotulutsa nthunzi ngati cha anthu a mphumu. Ine ndinadabwa, mwana alibe shuga, alibe mphumu. Anandifotokozera mwachidule kuti m'magazi mwa mwana mwachuluka mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndipo mankhwalawo ndi oukankhira kuchoka m'magazi mwamsanga usanaimitse mtima. Dzuwa lisanalowe, kugunda kuja kunayamba kubwerera m'malo mwake. Ndinatuluka panja n'kukhala pansi pa mtengo.

Mawa lake dokotala uja anatikhazika pansi ine ndi akazi anga. Anati magazi atsimikiza zimene anaona papepala, ndipo impso za mwana zafookerako chifukwa cha kutsegula m'mimba ndi kuchepa kwa madzi. Anati mapiritsi awiri, kowawa kaja ndi kakang'ono, amachititsa kuti thupi lizisunga potaziyamu m'malo momutaya mumkodzo, ndipo kokodzetsa kaja, kamene kamamutaya, n'kamene kanachepetsedwa. Koma anati zimenezi zokha sizikumukwanira, chifukwa mlingo wa mapiritsi unali waung'ono pamene potaziyamu anakwera kwambiri.

"Pali china chimene chikulowa m'thupi mwa mwanayu. Mwamupatsako zitsamba?"

"Ayi, adokotala."

"Mapiritsi a ululu ogula pagolosale? Mchere uja amagulitsa wa anthu a BP?"

"Ngakhale kuudziwa sitiudziwa."

Anafunsa za nthochi, za mapeyala, za mbatata. Zonse mwana ankadya mwa apo ndi apo monga mwana aliyense. Anapumira m'mwamba. Anati waimitsa kaye mapiritsi awiri aja, ndipo ngati chifukwa china sichipezeka, adzaopa kuwabwezeretsa. Ndinafunsa kuti nanga mtima ukhala bwanji popanda iwo. Anayankha moona mtima kuti ukhala ukuvutika kuposa kale. Ndinatuluka m'chipindamo ndikudziwa kuti mankhwala amene akusunga mwana wanga akhoza kukhala omwewo amene anatsala pang'ono kumutenga, ndipo sindinkadziwa kuti ndipemphere chiyani.

Tsiku lachitatu masana kunatulukira alamu anga. Anali atakwera kabaza, minibasi ndi minibasi ina, munthu amene mumzinda anali asanafikemo chibadwire. Mawu awo ndinawamva ali kukhomo la wodi, akukangana ndi mlonda. Anamva kuti mwana akukana chakudya cha m'chipatala, ndiye anaphika m'mamawa n'kumanga bakuli pansalu. Atangovundukula, mwanayo anadzuka yekha n'kukhala tsonga, koyamba chigonekedwe. Ine mtima unasefukira ndi chimwemwe. Ndinamusambitsa m'manja ndekha.

Anali atangotenga mbamu yoyamba pamene dokotala uja anadutsa. Anaima n'kumwetulira.

"Eee, lero tikudya! Amayi, mwaphika bwanji? Ana ambiri ndiwo zochepa mchere amazikana."

Alamu anawongola msana. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa botolo lija, n'kulikweza m'mwamba kuti wodi yonse ione.

"Mwana wanga, muno mulibe mchere ngakhale kambewu kamodzi. Ndi chidulo ichi, chotcheza ndekha. N'chimene chamubwezera thupi mwanayu."

Dokotala anatenga botololo, analitsegula, ananunkhiza. Anafunsa kuti amathira mu chiyani. Alamu anati mu chilichonse. Kangati patsiku? Nthawi iliyonse imene mwana wadya, ndipo amadya nyumba zonse. Chiyambire liti? Chiyambire kukolola nandolo chaka chatha. Kumwetulira kuja kunazimirira pang'onopang'ono. Anawerama, n'kuchotsa mbale m'manja mwa mwana mofatsa kwambiri, akupepesa. Mwanayo analira kulira kwa njala, kumene kholo silitha kupirira, ndipo alamu anayang'ana dokotalayo ngati amumenye.

Tinatuluka pakhonde tonse anayi. Dokotala sanakalipe. Anayamba ndi kunena kuti kwawonso amayi ake amatcheza chidulo, ndipo iye wakula nacho. Kwa munthu wa impso zabwino amene sakumwa mankhwala amenewa, chidulo cha m'therere chilibe vuto, thupi limatenga chimene likufuna, chotsalacho n'kutuluka ndi mkodzo. Koma zomera zimakoka potaziyamu m'nthaka, ndipo ukaziwotcha, zina zonse zimapita ndi utsi, iye n'kutsala m'phulusa. Madzi akadutsa paphulusapo amamusungunula, ndipo ukawawiritsa umangomuunjika pamodzi. Botolo limene linali m'manja mwakemo, anatero, linali lodzaza ndi chinthu chomwecho chimene mapiritsi awiri aja amatsekera m'thupi. Kwa miyezi yambiri kokodzetsa kaja ndi impso zinkalimbana nacho. Kokodzetsa katachepetsedwa, kutentha ndi kutsegula m'mimba n'kufooketsa impso, panalibenso potulukira.

Ine ndinamva msanga kuposa ena, ndipo kumvako kunandiwawa. Ntchito yanga yonse ndakhala ndikuuza alimi kuti asataye phulusa, akathire m'dimba, chifukwa muli chakudya cha mbewu chomwe chija chimalembedwa ndi chilembo cha K pathumba la feteleza. Ndinkadziwa zimenezi za chimanga ndi tomato. Sizinandifikepo m'mutu kuti K wa m'dimba ndi yemweyo amene ali m'mbale ya mwana wanga, ndipo ngakhale zikanandifika, sindinkadziwa kuti mapiritsi ake amadana naye. Aliyense wa ife anali ndi chidutswa chake cha nkhaniyi. Dokotala ankadziwa mapiritsi, alamu ankadziwa mphika, ine ndinkadziwa phulusa, ndipo tinali tisanakhalepo pakhonde limodzi.

Akazi anga anafunsa ngati tingagwiritse ntchito soda wa m'sitolo m'malo mwake. Dokotala anati ayi, soda ndi m'bale wake wa mchere, amasunga madzi m'thupi chimodzimodzi. Anati kamchere kochepa, kotsina ndi zala ziwiri, n'kabwino kwa mwanayu kuposa chidulo, ndipo iwo sanatanthauze kuti mchere uthe wonse. Kukoma kwina tikusake mu anyezi, tomato pang'ono, nsinjiro ndi madzi a ndimu. Kenako ananena mawu amene ndinkawadikira: popeza chifukwa chapezeka, magazi akakhala bwino adzabwezeretsa mapiritsi aja limodzilimodzi, akuyeza magazi pafupipafupi. Anawonjezera kuti kuyambira tsiku limenelo, iye akamafunsa makolo za zitsamba azifunsanso za mphika.

Alamu anga, munthu amene mawu ake amamveka kutsidya kwa mtsinje, ankangoyang'ana manja awo. Kenako anatenga botolo lija, anapita pampopi wa panja, analikhuthula, analitsuka, analitsukanso, mpaka akazi anga anapita kukawagwira paphewa. Anabwerera kumudzi tsiku lomwelo osalowanso m'wodi.

Titatuluka m'chipatala tinapeza mabotolo onse atachoka pabwalo, chitini chobowola chija chitaphwanyidwa. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, koma inali isanathe. Mwana anathamangira kwa mayi ake aakulu monga mwa masiku onse, n'kubwerako misozi ili mbwembwembwe. Alamu anali atamuuza kuti akadye kwa amayi ake. Mawa lake chimodzimodzi. Alamu akamuona akubwera nthawi ya chakudya ankavundikira mbale n'kulowa nazo m'nyumba. Nyumba zina zija, poona kuti wamkulu akuopa, zinayamba kuopa nazo. Mwana amene anakula akudya paliponse anayamba kuzungulira bwalo ngati mlendo, ana anzake akudya, iye akuuzidwa mokoma kuti apite kwa amayi ake. Kunyumba akazi anga ankayesetsa ndi anyezi ndi ndimu, koma iye ankangotola pang'ono. Sikuti ndiwo zinali zoipa. Mwanayo ankaganiza kuti walakwira mayi ake aakulu, ndipo chakudya sichinkatsika. Thupi lija linayambanso kusungunuka.

Ndinawatsatira alamu kumunda, ndinawapeza akuzula chinangwa. Ndinayamba ndi mawu ambiri monga mlangizi, kuti palibe amene akuwaimba mlandu, kuti tonse tinkadya nawo, kuti ine ndinawapatsa ngakhale nkhuku. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Alamu, manja awa anatsala pang'ono kukwirira mwana. Ine ndinkati ndikumudyetsa. Ndiye lero ndidziwa bwanji kuti anyezi alibe kanthu? Kuti nsinjiro zilibe kanthu? Chidulo ndinkachidziwa chibadwire, chandichita izi. Musandikakamize."

Ndinawathandiza kusenza chinangwa, tinabwerera kumudzi.

Tsiku la kuchipatala litakwana, tinadzuka m'mawa kukonzeka. Potuluka tinapeza alamu ataima pabwalo, atavala chitenje cha kutchalitchi, dengu lili pamutu. Sanapemphe kuti atsagane nafe, anangotsogola. M'chipinda cha dokotala anatula dengulo patebulo n'kuyamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi: kamtolo ka chigwada, khwanya, nkhwani wofutsa, nandolo, kalongonda, makaka, nsinjiro papepala, ndimu, tsabola, ngakhale masamba a bulugamu amene amafukizira chimfine ndi timizu tina timene amaphikira mwana akamatsokomola. Panja panali mzere wa anthu, ine manyazi anandigwira, koma dokotala uja anakoka mpando n'kuwauza kuti akhale.

"Ichi?" ankafunsa alamu, atakweza chinthu m'mwamba.

"Adye, koma mophika ndi madzi okha."

"Ichi?"

"Adye monga amadyera ana ena, osachita kumuunjikira."

"Nanga timizu iti?"

"Iti sindikutidziwa, amayi, ndipo chimene sindikuchidziwa sindingachiloleze pamodzi ndi mapiritsi awa. Akatsokomola bwerani naye kuno."

Alamu anatiika pambali timizuto, kutali ndi zinazo. Zitatha zonse, dokotala anatenga dzanja lawo n'kuika zala zawo ziwiri pamkono wa mwana, kunsi kwa chala chachikulu. Anawauza kuti amve mmene ukugundira ukakhala bwino, ndipo tsiku limene adzaumve ukuchedwa kapena kudumphadumpha, kapena mwana akadzatsegulanso m'mimba, asadzadikire mawa. Magazi a tsiku limenelo anatuluka bwino, ndipo kapiritsi kakang'ono kaja kanabwerera m'chikwama cha akazi anga.

Mwanayo pano ndi wamtali kuposa amayi ake, akumwabe mapiritsi, ndipo jakisoni wa mwezi ndi mwezi amapita yekha kukabayitsa. Koma ndikamakumbukira chaka chimenecho, sindiona kwambiri wodi ija kapena timawaya ta pachifuwa. Ndimaona ulendo wobwerera tsiku la dengulo. Minibasi inatitsitsa pamsewu, ndipo tinayenda wapansi kulowera kumudzi, dzuwa lili paliwombo. Mwana anatopa, tinakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa njira. Anati ali ndi njala. Akazi anga anayamba kupisa m'chikwama, koma alamu anawagwira dzanja. Pansi pa dengu, pomwe dokotala sanafikepo, panali kambale kokulungidwa m'nsalu. Munali nandolo wophika ndi anyezi, ndi zidutswa za chinangwa. Anali ataphika m'mamawa asanadziwe ngati adzaloledwa kumupatsa.

Anafinyira ndimu pamwamba, n'kumupatsa. Mwanayo analawa.

"Mayi aakulu, sizikukoma ngati kale."

"Ndikudziwa. Idya choncho."

Anadya. Ankadya ndi dzanja lamanja, lamanzere lili pamwendo pa alamu, ndipo iwo anali ataika zala zawo ziwiri pamkonopo, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Ine ndi akazi anga tinayang'ana kumbali ngati tikuona minda ya anthu. Sanachotse zalazo mpaka mwana anamaliza mbale yonse.